Mavidiyo a maphunziro olipiridwa ndi kampani: ahedi awerenge bwanji kalata ya mwini tchanelo?

Pa desiki ya mphunzitsi wamkulu pamafika makalata ambiri: a makolo opempha malo, a ogulitsa mabuku ndi choko, a ku ofesi ya maphunziro. Masiku ano pawonjezeka mtundu wina. Ndi kalata ya munthu amene ali ndi tchanelo pa YouTube, ndipo akupempha kuti ajambule mavidiyo a maphunziro oti ophunzira a pasukulupo aziwonera. Kawirikawiri imanena kuti sukulu sidzalipira kalikonse chifukwa pali kampani imene yavomera kupereka ndalama zonse.

Ahedi ena amaiponya m'dirowa osaiyankha, poganiza kuti ndi za anyamata ofuna kutchuka. Ena amaivomera tsiku lomwelo chifukwa sukulu ilibe labotale ndipo thandizo lililonse n'lolandirika. Onse awiriwa amakhala kuti afulumira. Kalatayi ili ndi eni ake atatu, koma osaina ndi mmodzi yekha. Pali mwini tchanelo amene walemba, pali sukulu imene yalandira, ndiye pali kampani yolipira imene nthawi zambiri imangotchulidwa m'chiganizo chimodzi. Kuwerenga bwino kalatayi ndi kufunafuna chimene kampaniyo ikugula.

Chimene chikugulidwa

Mwini tchanelo amapeza ndalama m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya malonda amene YouTube imaika pa mavidiyo ake. Kuti ayambe kugawana nawo ndalama za malondawo, pamafunika anthu 1,000 olembetsa kutsatira tchaneloyo, komanso maola 4,000 amene anthu awonera mavidiyo ake m'miyezi 12 yapitayo. Kwa munthu wophunzitsa sayansi ya Fomu 4, malire amenewa ndi ovuta kuwafika, ndipo ngakhale awafike, ndalama zake zimakhala zochepa ngati owonera ali m'mayiko amene otsatsa malonda salipira zambiri.

Njira yachiwiri ndiyo imabala kalata yathuyi. Mwini tchanelo amapita yekha ku kampani n'kunena kuti, "Ndipatseni ndalama zojambulira, ine nditchula dzina lanu m'vidiyo iliyonse." Kampani imafunsa funso limodzi: adzawonera ndani, ndipo ndi angati? Akayankha kuti anthu a pa intaneti, yankholo silikhutiritsa, pakuti munthu wa pa intaneti amatha kudumpha malonda kapena kutseka vidiyo ikangoyamba. Koma akanena kuti ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 a sukulu zisanu adzawonera m'kalasi, aphunzitsi awo ali pomwepo, nkhani imasintha. Mwana wa m'kalasi sangadumphe kanthu, sangatuluke, ndipo chimene wachiwona pamaso pa mphunzitsi wake amachitenga kuti n'chovomerezeka. Zimene kampani ikulipira ndi maso a ophunzira pamodzi ndi mbiri yabwino ya sukulu.

Zoterezi sizinayambe ndi intaneti. Ku America, mu 1990, wamalonda wina dzina lake Chris Whittle anafalitsa m'masukulu pulogalamu ya nkhani yotchedwa Channel One. Sukulu ikavomera, inkalandira mawailesi a kanema a m'makalasi ndi dishi ya setilaiti osalipira. Mbali yake inali yoti iziwonetsa ophunzira pulogalamu ya mphindi 12 pafupifupi tsiku lililonse la sukulu, ndipo mwa mphindizo, ziwiri zinali za malonda, ena a zakumwa zotsekemera ndi maswiti. Pulogalamuyi inafika m'masukulu pafupifupi 12,000. Otsutsa anawerengera kuti mphindi ziwiri pa tsiku kwa masiku 180 zimakwana maola 6, kutanthauza tsiku lathunthu la sukulu pa chaka lopita ku malonda okhaokha. Akuluakulu a maphunziro m'chigawo cha New York anailetsa m'masukulu a boma. Channel One inatsekedwa mu 2018, koma funso limene inadzutsa likadalipo: kodi mphindi za m'kalasi n'zogulitsa, ndipo ngati n'zogulitsa, mtengo wake ndi wotani?

Kalata yolembedwa bwino

Si kalata iliyonse imene ili msampha. Alipo aphunzitsi ndi achinyamata ophunzira bwino amene amajambula zinthu zothandizadi, ndipo kamera, magetsi ndi ulendo zimafuna ndalama. Kalata ya munthu wachilungamo imadziwika chifukwa imayankhiratu mafunso amene ahedi akanafunsa. Nachi chitsanzo chongopeka, ndipo ziwerengero zake nazonso n'zongoyerekeza. Makalata otere nthawi zambiri amalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake n'zomwezi.

*Kwa a Mphunzitsi Wamkulu,*

*PEMPHO LOWONETSA MAVIDIYO A BAYOLOJE KWA OPHUNZIRA A FOMU 3 NDI FOMU 4*

*Bwana, ndine mphunzitsi wa sayansi ndipo ndili ndi tchanelo ya maphunziro pa YouTube. Ndikupempha chilolezo chanu kuti ndikonze mavidiyo 12 a mphindi 8 iliyonse, owonetsa ntchito za m'labotale zimene zili mu silabasi ya MSCE, kuyambira ndi kayezedwe ka zakudya. Mndandanda wa mitu yonse ndauphatikiza ku kalatayi.*

*Ntchitoyi ilipiridwa ndi kampani yogulitsa makope ndi zolembera, imene dzina ndi kalata yake ndaziphatikizanso. Idzandipatsa K250,000 pa vidiyo iliyonse. Dzina lake lidzatchulidwa kwa masekondi 10 kumapeto kokha, ndipo sidzakhala ndi mphamvu yosintha zophunzitsidwa.*

*Sindidzajambula wophunzira aliyense, kapena kutenga mayina ndi manambala a foni. Mavidiyowa ndidzawapereka pa fulashi kuti muziwonetsa popanda intaneti, ndipo adzakhala anu ngakhale mgwirizano utatha. Mkulu wa dipatimenti ya sayansi adzayamba wawona vidiyo iliyonse ndipo ali ndi ufulu woikana. Ndikupempha kuti tiyesere teremu imodzi.*

*Ndidzathokoza mukandipatsa tsiku loti ndidzaonekere kwa inu ndi komiti yanu.*

*Ine wanu wokhulupirika,*
*Mwini tchanelo*

Kalatayi ndi yaifupi, koma yanena zisanu zofunika: chidzaphunzitsidwe n'chiyani, wolipira ndani, iyeyo apezapo chiyani, ana akhudzidwa motani, ndipo sukulu ingatuluke bwanji. Kalata yokayikitsa imatalika pofotokoza za kukonda ana ndi tsogolo la dziko, koma ikafika pa wolipira imangoti "abwenzi athu a zamalonda". Ahedi akafunsa dzina la kampani n'kuyankhidwa kuti lidzadziwika mgwirizano ukasainidwa, zokambirana zithere pomwepo.

Tengani cholembera muwerengere

Tiyerekeze kuti kalata ina yafika pa sukulu ya sekondale yoyendera imene ili ndi ophunzira 240 mu Fomu 3 ndi Fomu 4. Nayonso ikulonjeza mavidiyo 12 a mphindi 8, koma uthenga wa kampani ndi wa masekondi 30 koyambirira ndi ena 30 kumapeto. Pa pepala zikuwoneka zochepa. Koma mphindi imodzi pa mphindi 8 zilizonse ndi gawo lalikulu ndithu, ndipo pa mavidiyo onse mwana aliyense awonera malonda kwa mphindi 12. Mukachulukitsa ndi ana 240 mupeza mphindi 2,880, amene ndi maola 48 a chidwi cha ophunzira. Chimenecho ndicho sukulu ikupereka. Ngati mwini tchanelo akulandira K3 miliyoni pa ntchito yonse, si mwano kufunsa kuti sukulu itsala ndi chiyani chogwirika: pulojekita, batire la sola, kapena mankhwala a m'labotale oti ana adzagwire ndi manja awo.

Kuwerengera kwachiwiri n'kwa bandulo. Vidiyo ya mphindi 8 yowoneka bwino moti mwana n'kuwerenga zolembedwa pa bolodi imatha kudya 60MB kapena kuposerapo. Mavidiyo 12 ndiye kuti ndi 720MB kwa mwana mmodzi. Ngati kalata ikunena kuti ophunzira aziwonera kunyumba pa foni, ndiye kuti makolo a ana 240 agula bandulo yoposa 170GB onse pamodzi, ndipo mwana wa kubanja lopanda foni ya intaneti watsalira. Mtengo umene sukulu yauzidwa kuti palibe wangosamukira kwa makolo. Komanso masukulu ambiri salola ophunzira kukhala ndi foni pasukulu, choncho pulani yodalira foni ya mwana imasemphana ndi malamulo a sukulu yomweyo.

N'chifukwa chake fulashi ili yofunika kwambiri m'kalata yachitsanzo ija. Vidiyo ikaseweredwa kuchokera pa laputopu popanda intaneti, chimene chikuwoneka ndi chokhacho chimene aphunzitsi anachivomereza. Ikaseweredwa pa YouTube, mwini tchanelo sangalonjeze zimenezo. Kuyambira mu 2021 malamulo a YouTube amailola kuika malonda ake ngakhale pa tchanelo imene sikugawana nayo ndalama, ndipo vidiyo ikatha pamabwera mndandanda wa ena amene palibe mphunzitsi anawasankha. Yembekezerani kuti mwini tchanelo akana pang'ono, chifukwa vidiyo yowoneredwa pa fulashi simuwonjezera chiwerengero cha owonera chimene amakawonetsa ku kampani. Njira yake ndi yosavuta: sukulu imulembere kalata kumapeto kwa teremu yonena kuti mavidiyo angati anawonetsedwa kwa ophunzira angati, popanda dzina la mwana aliyense.

Amene ali ndi mawu omaliza pa phunziro

Vidiyo yabwino ya kayezedwe ka zakudya ndi chuma pa sukulu yopanda zipangizo. Mwana amene anangoloweza kuti ayodini akadonthetsedwa pa chakudya chokhala ndi sitachi amasanduka wakuda mosakanikirana ndi mtundu wa mtambo, tsopano akuwona ndi maso zikuchitika pa kachidutswa ka chinangwa. Akuwona madzi a Benedict akutenthedwa pamodzi ndi gulukosi, mtundu wake n'kuchoka pa wa mtambo, kudutsa wobiriwira ndi wachikasu, mpaka kufiira. Akuwonanso kuti shuga wa patebulo sasintha mtundu wa madziwo pokhapokha atayamba waphitsidwa ndi asidi wosungunula, kenako asidiyo n'kuthetsedwa mphamvu. Izi ndi zimene zimagwetsa ana pa mayeso a m'labotale a Maneb, ndipo vidiyo ya mphindi 8 ikhoza kuziwongola.

Tsopano tiyerekeze kuti wolipira ndi kampani ya zakumwa zotsekemera. Phunziro la zakudya limafika pa mfundo yoti shuga wochuluka amawononga mano ndipo amanenepetsa mopitirira muyezo. Kodi chiganizo chimenecho chidzatsala m'vidiyomo? Kampani siyenera kuchita kulamula kuti chichotsedwe. Mwini tchanelo yekha, podziwa kumene kukuchokera ndalama za vidiyo yotsatira, akhoza kungochidumpha, kapena kuika botolo la chakumwacho pa tebulo loyezera ngati chitsanzo. Palibe bodza limene lanenedwa, koma phunziro lapendekeka. Walira mvula walira matope, ndipo matope a thandizo lotere amakhala m'zimene zasiyidwa osanenedwa.

Choncho lamulo labwino ndi lakuti wolipira asakhale wogulitsa chinthu chimene phunzirolo likukamba. Kampani ya makope ikhoza kulipira phunziro la bayoloje popanda vuto. Kampani ya feteleza ikalipira phunziro la chonde cha m'nthaka, mphunzitsi wa zaulimi awonetsetse ngati manyowa ndi kasinthasintha wa mbewu zapatsidwa malo ake. Ndipo pali ena osayenera kulowa m'kalasi ngakhale atalonjeza kumanga labotale: makampani a mowa, a fodya, a juga ndi kubetcha pa mpira, ndi obwereketsa ndalama za katapira. Malonda awo si a ana.

Woyenera kuweruza vidiyo si ahedi okha, koma mphunzitsi wa phunzirolo atatenga silabasi m'manja. Silabasi ya m'dziko muno imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mavidiyo ambiri a pa intaneti amatsata masilabasi a mayiko ena, okhala ndi mitu ndi mawu osiyana ndi amene Maneb imafunsa. Mphunzitsiyo apemphe mavidiyo awiri amene anajambulidwa kale, awawonere mpaka kumapeto, ndipo afunse ngati zonenedwazo n'zolondola, ngati zikugwirizana ndi mutu wa teremu imeneyo, ndiponso ngati mwana wokhala kumbuyo kwa kalasi ya ana 80 angamve mawu ndi kuwerenga zolembedwa. Awonenso ngati muli masamba a mabuku, mapepala a mayeso akale kapena nyimbo za eni ake. Zimenezi zimatetezedwa ndi lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, limene bungwe la Cosoma limayang'anira, ndipo dzina la sukulu lisapezeke pa vidiyo yobera ntchito za ena.

Kuchuluka kwa otsatira tchanelo kusakusokonezeni, chifukwa otsatira amatha kugulidwa. Pemphani mwini tchanelo atsegule YouTube Studio pamaso panu, pa gawo la Analytics, muwone chiwerengero cha Average view duration, chimene chimasonyeza nthawi imene anthu amakhala akuwonera asanatseke. Ngati mavidiyo a mphindi 10 amawoneredwa kwa masekondi 40 okha, ndiye kuti ngakhale owonera mwa kufuna kwawo sapirira nawo.

Nkhope ndi mayina a ana

Mbali yoopsa kwambiri ya makalata amenewa imabwera m'mawu ofatsa: "Tidzajambulako ophunzira akusangalala ndi phunziro." Kwa kampani, chithunzi cha ana ovala yunifolomu akumwetulira pafupi ndi chizindikiro chake n'chamtengo kuposa vidiyo yonse ya bayoloje. Koma kuwonetsa ana vidiyo ndi kujambula ana m'vidiyo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chilolezo cha choyamba sichiphatikiza chachiwiri.

Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko la Malawi amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, kotero ophunzira ambiri a sekondale ndi ana pamaso pa lamulo. Mu 2024 dziko lino linakhazikitsanso lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, limene bungwe la Macra limayang'anira. Nkhope, dzina ndi nambala ya foni ya mwana si katundu wa sukulu woti ahedi angapereke m'malo mwa kholo. Ngati kujambula kuli kofunikadi, kholo lililonse lilandire fomu m'chinenero chimene limamva, yonena kumene vidiyoyo idzaikidwe, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati kampani idzaloledwe kuigwiritsa ntchito pa malonda ake. Mwana amene kholo lake lakana asatulutsidwe m'phunziro, angokhala kumene kamera sikuloza. Ndipo kumbukirani kuti vidiyo ikangofika pa WhatsApp, kuichotsa pa tchanelo sikuibweza.

Chenjeraninso ndi mipikisano. Kalata ikanena kuti ophunzira atumize dzina, kalasi ndi nambala ya foni kuti apambane mphoto, dziwani kuti kampani ikusonkhanitsa manambala oti izidzatumizako mauthenga a malonda. Mafunso a mpikisano akhoza kuyankhidwa pa pepala, aphunzitsi n'kusankha opambana, mayina osatuluka pa geti.

YouTube yeniyeniyo inapsapo pa nkhani imeneyi. Mu 2019 kampani ya Google, mwini wake wa YouTube, inavomera kulipira madola 170 miliyoni ku America pa mlandu wosonkhanitsa mbiri za ana osakwana zaka 13 popanda chilolezo cha makolo. Kuchokera apo, aliyense woika vidiyo amafunsidwa ngati ili Made for kids, ndipo akavomera, malo a ndemanga amatsekedwa komanso malonda olondola munthu payekha saikidwa. Ngati mavidiyo ndi a ana a pulayimale, funsani ngati chizindikiro chimenechi chidzasankhidwe. Palinso bokosi limene mwini tchanelo amayenera kuchonga vidiyo ikakhala yolipiridwa ndi kampani, ndipo owonera amawona mawu akuti Includes paid promotion. Yang'anani mavidiyo ake akale amene akutchula kampani. Ngati mawuwa palibe, ndiye kuti anabisira owonera ake, ndipo sukulu isayembekezere kuti iyo yokha ndiyo adzaiuze zoona.

Kuyankha kwake

Mphunzitsi wamkulu asasaine yekha. Nkhaniyi ipite ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ndipo pa sukulu ya boma idziwitsidwenso ku ofesi ya maphunziro: ya chigawo ngati ndi sekondale, ya boma ngati ndi pulayimale. Pa sukulu ya mpingo kapena ya munthu, eni ake ndi bodi adziwe. Kuchita zimenezi kumateteza ahedi eni akewo tsiku limene kholo lidzafunse chifukwa chimene mwana wake akuwonekera pa chikwangwani cha malonda.

Yankho likhale lolembedwa, ndipo likhoza kukwana tsamba limodzi. Litchule dzina la kampani ndi kutalika kwa uthenga wake, linene kuti uthengawo ukhale kumapeto osati pakati pa phunziro, kuti mphunzitsi wa phunzirolo ndiye wovomereza vidiyo iliyonse, kuti dzina, baji ndi yunifolomu ya sukulu zisagwiritsidwe ntchito popanda chilolezo china chapadera, ndiponso kuti sukulu ikhoza kusiya nthawi iliyonse popanda kubweza kanthu. Muli mawu awiri oyenera kukanidwa akapezeka m'mgwirizano: oti sukulu iziwonetsa mavidiyo kangapo pa sabata mokakamizidwa, ndi oti isalandire mavidiyo a wina aliyense. Mawu oyambawo ndi amene anachititsa kuti Channel One ikhale yolamulira ndandanda ya maphunziro m'malo mwa aphunzitsi.

Teremu yoyeserera ikatha, muyezo wake usakhale kuchuluka kwa owonera kapena kuwomba m'manja kwa ana. Mphunzitsi apereke mafunso ochepa pa mutuwo vidiyo isanawonetsedwe, ndi ena ofanana nawo patapita sabata. Afunsenso ana chimene akukumbukira. Ngati ambiri akutchula dzina la kampani koma sangafotokoze chifukwa chimene shuga wa patebulo sanasinthire mtundu wa madzi a Benedict, ndiye kuti vidiyoyo yagwirira ntchito wolipira, osati sukulu.

Kwa inu eni matchanelo, tchulani wolipira ndi zimene akufuna m'ndime yachiwiri ya kalata yanu, musanafunsidwe. Kwa inu aphunzitsi aakulu ndi makomiti a makolo, musakane kalata chifukwa choti muli kampani, ndipo musaivomere chifukwa choti simulipira. Vomerani pokhapokha wolipira akudziwika, aphunzitsi anu ali ndi mawu omaliza pa phunziro, ndipo nkhope ndi manambala a ana anu zikutsala pasukulu.